Gasi akathawa, amamuyatsiranji moto?

Pa 23 Okutobala 2015, ogwira ntchito pamalo osungira gasi a Aliso Canyon, m'mapiri a kumpoto kwa mzinda wa Los Angeles ku Amereka, anapeza kuti chitsime china chayamba kutulutsa gasi. Kale pamalopa ankapopapo mafuta. Mafutawo atachepa, kampani ya SoCalGas inayamba kupopera gasi m'miyala ya pansi pa nthakayo, kumusungira nyengo yachisanu pamene anthu amamufuna kwambiri. Chitsime chomwe chinavutacho, chotchedwa SS-25, chinakumbidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo paipi yake inali itadyeka ndi dzimbiri mpaka kung'ambika pansi pa nthaka.

Poyang'ana ndi maso paphiripo sipankaoneka kanthu. Utsi panalibe, moto panalibe. Koma makamera apadera otha kuona mpweya ankaonetsa chimtambo chikufuka usana ndi usiku. Anthu a m'dera loyandikana nalo la Porter Ranch ankamva fungo la mankhwala omwe amathira mu gasi kuti azidziwika akathawa, ndipo ambiri anadandaula za mutu, mseru ndi kamfuno. Mabanja masauzande anasamutsidwa. Chitsimecho chinagonja pa 11 Febuluwale 2016, akatswiri atakumba chitsime china chapambali n'kukumana nacho pansi. Asayansi omwe ankayeza mpweyawo pouluka ndi ndege pamwamba pake anawerengera kuti panatuluka matani pafupifupi 97,000 a mitheni, mpweya womwe ndi gawo lalikulu la gasi wophikira wochokera pansi pa nthaka.

Vutoli lili mkati, panali ganizo lokola gasi wothawayo ndi mapaipi n'kumuwotcha. Munthu yemwe wakhala akumva za kusintha kwa nyengo angadabwe nalo ganizo limeneli. Kodi si kuwotcha mafuta, malasha ndi gasi komwe kukutulutsa kaboni dayokisaidi, mpweya womwe ukutenthetsa dziko? Nanga kuwotcha gasi wina kungakhale bwanji mankhwala? Yankho lake lili m'kusiyana kwa mipweya iwiriyi, ndipo ndi yankho lomwe munthu angaliwerengere yekha papepala.

Mipweya iwiri, makhalidwe awiri

Dzuwa likatenthetsa nthaka ndi nyanja, dziko limabweza kutenthako kumwamba ngati kuwala kosaoneka ndi maso. Mpweya wochuluka wa mumlengalenga, nayitirojeni ndi okosijeni, umangokulola kudutsa. Koma ilipo mipweya ina yochepa yomwe imakugwira n'kukubwezanso mbali zonse, kwina pansi pano. Kaboni dayokisaidi ndi mitheni ali m'gulu limeneli.

Pa kuchuluka, kaboni dayokisaidi ali patali. Mafakitale asanayambe, pa tizidutswa miliyoni imodzi ta mpweya, pafupifupi 280 tinali ta kaboni dayokisaidi. Lero tapitirira 420. Mitheni sanafike ngakhale pa 2 pa miliyoni: anali cha pa 0.7, tsopano wapitirira 1.9. Ndiye kuti pa kachidutswa kamodzi ka mitheni pali tizidutswa toposa 200 ta mnzakeyo. Komabe kampweya kochepaka kachita zazikulu. Bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC, mu lipoti lake la 2021, linawerengera kuti mitheni wochokera ku ntchito za anthu watenthetsa dziko ndi pafupifupi theka la digiri, pomwe kaboni dayokisaidi walitenthetsa ndi pafupifupi madigiri 0.8.

Mphamvu ya mitheni ikuchokera pa kuchepa kwake komweko. Mpweya uliwonse umagwira mtundu wakewake wa kuwala kosaoneka kuja. Mtundu womwe kaboni dayokisaidi amagwira bwino kwambiri wagwidwa kale pafupifupi wonse, popeza iye ndi wambiri, choncho tani yowonjezera imangotolako zotsalira za m'mbali. Kumene mitheni amagwira kukadali mpata waukulu woti kutentha kuthawirepo, ndipo mitheni aliyense wowonjezera amatsekako mpatawo. Chinanso, mitheni ndi wopepuka, kotero m'tani imodzi muli tizidutswa tambiri kuposa m'tani ya kaboni dayokisaidi. Ndipo pamene akuphwanyika mumlengalenga amathandiza kupanga ozoni wa m'munsi, yemwenso amagwira kutentha ndiponso amawononga mbewu ndi mapapo.

Kufooka kwa mitheni n'kwakuti sakhalitsa. Mumlengalenga muli tizidutswa tina taukali, totchedwa hayidirokisili, tomwe timamuphwanya pang'onopang'ono. Mphamvu ya mitheni yemwe watuluka lero imakhala itachepa kwambiri pakatha zaka pafupifupi 12, ndipo pakatha zaka makumi angapo imakhala itatheratu. Kaboni dayokisaidi alibe chomuphwanya choterocho. Wina amamwedwa ndi nyanja ndi zomera, koma gawo lalikulu limatsala kwa zaka mazanamazana, ndipo lina kwa zaka masauzande. Mitheni ali ngati moto wa mapesi, wolilima mwaukali n'kuzilala msanga, pomwe kaboni dayokisaidi ali ngati chitsa cha tsanya chomwe chimanyeka osafulumira koma osazima.

N'chifukwa chake mukafunsa kuti mitheni amaposa kaboni dayokisaidi kangati, katswiri woona amakufunsaninso kuti, pa zaka zingati? Tani imodzi ya mitheni wochokera ku mafuta, gasi ndi malasha, mukaphatikiza kutentha konse komwe ingagwire m'zaka 20, imafanana ndi matani 82.5 a kaboni dayokisaidi. Mukawerenga zaka 100, imafanana ndi matani pafupifupi 30, chifukwa m'zaka zambiri zakumapetozo mitheni amakhala atapita kale pomwe mnzakeyo akugwirabe ntchito. Ziwerengero zonse ziwiri n'zoona. Maboma polemba malipoti awo amagwiritsa ntchito cha zaka 100. Ine ndimaona kuti cha zaka 20 sichiyenera kuiwalika, chifukwa zaka 20 zikubwerazi ndi zomwe mwana wobadwa chaka chino adzakuliremo, ndipo mitheni ndi mpweya womwe ukachepetsedwa lero phindu lake limaoneka m'nthawi yomweyo.

Zomwe moto umachita

Kachidutswa ka mitheni kali ndi atomu imodzi ya kaboni ndi maatomu anayi a hayidirojeni. Kakapsa, kamagwirizana ndi okosijeni wa mumpweya motere:

CH4 + 2O2 → CO2 + 2H2O

Kachidutswa kamodzi ka mitheni kamasanduka kachidutswa kamodzi ka kaboni dayokisaidi ndi nthunzi ya madzi. Nthunziyo si nkhani, imagwa ngati mvula pakangopita masiku. Chofunika kuchisamala ndi kulemera. Kachidutswa ka mitheni kamalemera 16, ka kaboni dayokisaidi 44, chifukwa kaboni wataya hayidirojeni wopepuka n'kutenga okosijeni wolemera. Mukagawa 44 ndi 16 mupeza 2.75. Choncho tani imodzi ya mitheni ikapsa yonse imatulutsa matani 2.75 a kaboni dayokisaidi. Mpweya wachuluka kulemera kwake, inde, koma yerekezani: 2.75 mbali ino, 30 kapena 82.5 mbali inayo.

Pali mfundo ina yomwe ambiri saidziwa, ndipo kwa ine ndiyo mtima wa nkhaniyi. Mitheni yemwe wathawa osapsa nayenso amathera komweko. Tizidutswa taukali tija tikamamuphwanya, kaboni wake wambiri amasanduka kaboni dayokisaidi yemweyo. Kunena kwina, mlengalenga nawo umamuwotcha mitheni, kungoti umatenga zaka, ndipo m'zaka zonsezo iye amakhala akugwira kutentha mwamphamvu. Woyatsa gasi wothawa sakubweretsa kaboni watsopano yemwe sakanabwera. Kaboniyo anatuluka kale pansi pa nthaka pomwe paipi inang'ambika. Moto umangochita m'kamphindi zomwe mlengalenga ukanachita m'zaka khumi ndi kuposerapo, n'kudumpha nthawi yoopsayo.

Tibwerere ku matani 97,000 a ku Aliso Canyon. Momwe anathawira osapsa, pa muyeso wa zaka 100 akufanana ndi matani pafupifupi 2.9 miliyoni a kaboni dayokisaidi. Pa muyeso wa zaka 20 akufanana ndi matani pafupifupi 8 miliyoni. Akanapsa onse, akanatulutsa matani pafupifupi 267,000 basi. Kuwonongako kukanachepa kuposa kakhumi pa muyeso woyamba, ndiponso pafupifupi ka 30 pa muyeso wachiwiri. Gasi ndi yemweyo, chitsime ndi chomwecho. Kusiyana n'kwakuti wakwera kumwamba ali wamuwisi kapena atapsa.

Komatu gasi wa ku Aliso Canyon sanayatsidwe. Mu Januwale 2016 ganizo lija linasiyidwa poopa ngozi. Gasi sankatuluka pakamwa pa paipi pabwinobwino ayi. Ankabowola nthaka mozungulira chitsime, ndipo zoyesayesa zotseka chitsimecho pothiramo matope olemera zinali zitasiya chidzenje pamalopo. Kuika zida zokolera ndi zowotchera pafupi ndi malo otere kukanatha kubutsa moto woti n'kuwononga mutu wa chitsime ndi kupha ogwira ntchito. Chomwe chinathandiza n'chakuti anatulutsa gasi wambiri m'nkhokwemo kudzera m'zitsime zina, mphamvu yokankha n'kuchepa, mpaka chitsime chapambali chija chinafika. Sindingawanene kuti analakwa. Kuyatsa kumafuna kuti gasi akhale m'manja mwanu, akuyenda m'paipi kupita pamalo omwe mwakonza.

Lawi lomwe silimaliza ntchito

Malo okonzedwawo ndi chipaipi chachitali choimirira, kutali ndi anthu ndi matanki. Pamwamba pake pamakhala kalawi kakang'ono kosazima, komwe ntchito yake ndi kuyatsa gasi aliyense wofika pamenepo. Zoterezi zimapezeka pa zitsime za mafuta, m'mafakitale oyenga mafuta, pa nkhando zikuluzikulu za zinyalala zomwe zinakwiriridwa n'kuikidwa mapaipi, ndi pamalo oyeretsera madzi a zimbudzi. Kwa zaka zambiri makampani ndi maboma ankawerengera kuti lawi lotere limawotcha magawo 98 pa 100 a mitheni.

Mu 2022 magazini ya sayansi ya Science inafalitsa zomwe anapeza akatswiri otsogozedwa ndi a pa yunivesite ya Michigan. Iwo anauluka ndi ndege kuyeza mpweya wochokera m'malawi a m'zigawo zitatu za mafuta ku Amereka: Permian, Eagle Ford ndi Bakken. Anapeza kuti, kuphatikiza zonse, mitheni wopsa anali magawo pafupifupi 91 pa 100. Malawi ena ankayaka mosakwanira. Ena, atatu mpaka asanu pa 100 aliwonse, anali ozimiratu, gasi akungotuluka.

Kuchoka pa 98 kufika pa 91 kumaoneka ngati pang'ono. Koma tayang'anani mbali ya wothawayo: kuchoka pa 2 kufika pa 9. Titenge matani 100 a mitheni, pa muyeso wa zaka 100. Lawi labwino liwotcha matani 98, omwe atulutsa matani pafupifupi 270 a kaboni dayokisaidi, ndipo matani 2 othawa awonjezera 60. Zonse pamodzi 330. Lawi la 91 liwotcha matani 91, omwe atulutsa 250, koma matani 9 othawawo awonjezera 270. Zonse pamodzi 520. Taonani kuti matani 9 opulumuka pamoto awononga kuposa matani 91 omwe apsa. Ndipo lawi likazimiratu, matani 100 aja akhala 3,000. Ziwerengerozi zikunena zinthu ziwiri nthawi imodzi: ngakhale lawi lofooka liposa kutaya gasi wamuwisi pafupifupi kasanu ndi kamodzi, komanso chipaipi chimodzi chozima chimawononga ngati malawi abwino asanu ndi anayi.

Chimalepheretsa lawi n'chiyani? Choyamba ndi mphepo, yomwe imakankhira gasi wina kumbali asanapse kapena kuzimitsa kalawi koyatsira kaja. Chachiwiri ndi gasi wobwera mosadukiza bwino, nthawi zina wochepa kwambiri, nthawi zina wosakanikirana ndi mipweya yosayaka. Chachitatu n'chodabwitsa. Malawi ena amawapopera nthunzi kapena mpweya kuti asafuke utsi wakuda. Akapyola muyeso, lawi limazizira n'kusiya gasi wambiri wosapsa, chikhalirecho likuoneka loyera bwino. Utsi wakuda ndi chizindikiro chakuti moto ukuperewera mpweya, ndipo mwaye wake ndi woipa ku mapapo ndi ku nyengo yomwe. Koma kusowa kwa utsi sikutsimikizira kuti zonse zili bwino. Ndipo chipaipi chopanda lawi n'komwe, chomwe wodutsa angachione ngati chosalakwa, chingathe kukhala choipitsitsa pa zonse.

Apa m'pomwe ndimadera nkhawa. Lawi limaoneka, anthu amalijambula, masetilaiti amaliona usiku. Gasi wotayidwa wamuwisi saoneka. Lamulo kapena mkwiyo wa anthu ukangolunjika pa lawi lokha, osayeza zomwe zikutuluka, ungakankhire ena kuzimitsa moto n'kumataya gasi mwakachetechete, n'kuoneka ngati asintha. Mwamwayi zida zoonera zilipo tsopano. Makamera ogwira m'manja amaonetsa gasi akufuka pamfundo za mapaipi, ndipo masetilaiti monga Sentinel-5P wa ku Ulaya, yemwe anakwezedwa mu 2017, amatha kuona mitambo ikuluikulu ya mitheni. Ndi masetilaiti omwe anaonetsa kukula kwa ngozi ya ku Karaturun, m'chigawo cha Mangistau ku Kazakhstan, komwe chitsime chinaphulika mu Juni 2023 n'kuyaka mpaka Disembala. Moto unalipo miyezi yonseyo, komabe akatswiri anawerengera kuti mitheni woposa matani 120,000 anathawa osapsa. Moto wolusa pachitsime chophulika si chimodzimodzi ndi lawi lokonzedwa bwino.

Kumene moto sungafike

Mitheni amayaka pokhapokha akakhala pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 a mpweya womwe wasakanikirana nawo. Akangomwazika kutsika pamenepo, ngakhale mutabweretsa muuni sangayake. Choncho mitheni wambiri wa ntchito za anthu sangathe kuyatsidwa. Wochuluka amachokera m'mimba mwa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, ndipo amatuluka pogeya. Wina amachokera m'minda ya mpunga yodzaza madzi, wina m'milu ya zinyalala yosakwiriridwa. Onsewa amatuluka pang'onopang'ono pamalo otambalala, ndipo amafuna njira zina. Kuyatsa n'kwa gasi wotuluka pamalo amodzi ali wokhathamira, monga wa m'zitsime, m'mapaipi, m'matanki ndi wina wa m'migodi ya malasha.

Ndiponso tisasokoneze kuyatsa gasi yemwe wathawa kale ndi chizolowezi chowotcha gasi tsiku ndi tsiku. Mafuta akamapopedwa, gasi amatuluka nawo limodzi. Kampani ikaona kuti kumanga paipi yomutengera kumsika n'kodula, imangomuwotcha chaka ndi chaka. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inawerengera kuti mu 2023 gasi wokwana makiyubiki mita pafupifupi 148 biliyoni anawotchedwa motere, ambiri mwa iye m'maiko monga Russia, Iran, Iraq, Amereka, Venezuela, Algeria, Libya ndi Nigeria. Bankiyo yakhala ikunena kuti gasi wochuluka chotere akanatha kupereka magetsi ku Afirika yense wa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Kwa ife odziwa kuthima kwa magetsi ndi kudula kwa makala, mawu amenewa ndi owawa. Kuchigawo cha mathiriro a mtsinje wa Niger ku Nigeria, komanso kufupi ndi Basra ku Iraq, kuli anthu omwe akhala moyandikana ndi malawi otere kwa zaka makumi ambiri, akupuma mwaye ndi mankhwala ena oipa. Kuwauza kuti lawilo liposa gasi wamuwisi n'zoona, koma si chilungamo kuimira pomwepo. Gasi yemwe akudziwika kuti azituluka tsiku lililonse ayenera kukoledwa, agulitsidwe, apange magetsi kapena abwezeredwe pansi. Akapsa m'jenereta kapena pachitofu amatulutsa matani 2.75 omwe aja, koma wagwira ntchito, ndipo walowa m'malo mwa dizilo kapena malasha omwe akanawotchedwa kwina. Bankiyo inayambitsa mu 2015 pangano lothetsa kuwotcha kwachizolowezi pofika 2030, ndipo ziwerengero za zaka zaposachedwapa zikuonetsa kuti ulendo udakali wautali.

Masamu omwewa amafika ndi pakhomo, kwa omwe ali ndi dzenje la bayogasi la ndowe kapena la zimbudzi, monga m'masukulu ndi m'mafamu ena. Gasi wa m'dzenjemo, theka lake kapena kuposerapo ndi mitheni, ndipo tizilombo tomwe timamupanga sitisiya ntchito chifukwa choti sukulu yatsekera kapena ophika achepa. Thanki ikadzaza, gasi wotsala amadzipezera njira, kawirikawiri potulukira ndowe zophwanyika, n'kumabwadamuka pamenepo. Mukaona thovu likutumphuka pamalopo tsiku lonse, dziwani kuti gasi akutayika. Mfundo za mapaipi zimayesedwa ndi madzi a sopo, osati ndi machesi: pomwe pakutuluka thovu m'pomwe pakudontha. Gasi wotsalayo ndi bwino kumupezera ntchito, kutenthetsa madzi kapena kulumikiza khitchini ina. Ngati palibiretu chochita naye, mmisiri wodziwa aike choyatsira chapanja, patali ndi thanki ndi denga la udzu, chokhala ndi chotchinga choletsa moto kubwerera m'paipi, ndipo pakhale munthu woyang'ana kuti chikuyaka nthawi yonse yomwe mpopi wa gasi uli wotsegula.